Tamvana pa foni, nanga ndilembe chiyani? Mafunso ndi mayankho

Malonda ambiri mu Zomba muno amathera pa foni. Mchenga, matabwa, mpunga wa ku Chilwa, galimoto ya pa ukwati, chakudya cha pa msonkhano, zonsezi anthu amamvana m'mphindi zochepa, wina n'kunena kuti "basi tapangana", foni n'kudula. Mkangano umadzabuka pa tsiku lolandira katundu kapena lolipira, aliyense akukumbukira zake. Mayankho ali m'munsiwa akutsata chitsanzo chimodzi: mayi amene akumangitsa nyumba ku Matawale waimbira bambo woumba mabuloko ku Chinamwali, ndipo amvana za mabuloko 1,000. Mitengo ndi masiku a m'chitsanzochi ndi ongoyerekeza.

Tagwirizana kale pakamwa ndipo timadziwana. Kulembanso n'kwa chiyani?

Anthu ambiri amaganiza kuti uthenga wotsimikiza ndi wosungira ku khoti. Ukhoza kuthandiza kumeneko, koma ntchito yake yaikulu imachitika tsiku lomwelo: umaonetsa poyera pamene awirinu simunamvane, ndalama isanatuluke ndiponso lole isananyamuke.

Taonani mmene zimakhalira. Mayi uja anafunsa mtengo, bamboyo anati K1,400 buloko limodzi. Mayiyo anafunsanso kuti, "Mubweretsa ku Matawale?" Bamboyo anayankha kuti, "Tibweretsa, musadandaule." Palibe amene wanama apa. Mayiyo wamva kuti mtengowo ndi wofikitsa pa puloti. Bamboyo akutanthauza kuti apeza lole, koma ya lole alipira ndi mwini katundu monga amachitira ndi makasitomala ena onse. Onse adula foni ali okhutira. Ngati palibe amene alembe, kusiyana kumeneku kudzaonekera dalaivala atafika pa puloti n'kukana kutsitsa mpaka atapatsidwa yake. Koma mayiyo akalemba madzulo omwewo kuti "zonse pamodzi ndi K1,400,000 kuphatikizapo thiransipoti", bamboyo adzayankha msanga kuti ayi, ndipo nkhaniyo idzakambidwa aliyense mtima uli m'malo.

N'chifukwa chake kudziwana sikuchotsa kufunika kolemba. Anthu odziwana ndi amene amadumphadumpha polankhula, poti aliyense amayesa kuti mnzake akudziwa kale.

Ndilembe nthawi yanji, ndipo alembe ndani?

Lembani foni ikangodula, kapena pasanathe ola limodzi. Zikavuta, tsikulo lisathe. Manambala ndi amene amayamba kusokonekera m'mutu, makamaka ngati pokambirana munatchula mitengo iwiri kapena itatu musanafike pa womaliza. Komanso uthenga wofika patapita masiku anayi winayo amaulandira ngati nkhani yatsopano, ndipo amayamba kukayika kuti mwina mwasinthamo zina.

Pamene mukulankhula khalani ndi cholembera, muzilemba manambala ndi masiku okha. Musanadule, bwerezani mokweza: "Ndiye tati mabuloko 1,000, pa K1,400, Lachisanu pa 22. Ndikulemberani pa WhatsApp pompano, mundiyankhe." Mawu otsirizawo amachititsa kuti uthengawo usamudzidzimutse.

Wolemba akhale amene angaluze kwambiri zinthu zikasokonekera, ndipo kawirikawiri ndi amene akutulutsa ndalama poyamba. Musadikire kuti winayo ayambe. Ngati onse awiri mwalemba, sankhani uthenga umodzi woti ukhale wotsatira, chifukwa mauthenga awiri osiyana pang'ono amabala mkangano wina.

Mu uthengamo mukhale chiyani kwenikweni?

Chiganizo chilichonse chiyankhe zinthu zitatu: ndani, achita chiyani, pofika liti. Chiganizo chimene chikusowa chimodzi mwa izi ndi pamene padzavute. Nawu uthenga wa mayi uja atamaliza kukonza nkhani ya thiransipoti:

"Bambo, zikomo chifukwa cha kukambirana kwathu pa foni lero Lachiwiri pa 5 Ogasiti 2025. Ndalemba zimene tamvana kuti muone ngati ndamva bwino.
1. Inu muumba mabuloko a simenti 1,000 a mainchesi 6, pa K1,400 limodzi. Onse ndi K1,400,000.
2. Inu mupeza lole. Maulendo ndi awiri, K60,000 ulendo umodzi, ndipo ndilipira ine kudzera kwa inu. Zonse pamodzi ndi K1,520,000.
3. Ine nditumiza dipoziti ya K700,000 mawa Lachitatu pa 6 Ogasiti, 12 koloko masana isanakwane.
4. Inu mufikitsa mabuloko 500 pa puloti yanga ku Matawale Lachisanu pa 22 Ogasiti, ndipo 500 otsalawo Lachisanu pa 29 Ogasiti, masiku onse awiri 10 koloko m'mawa isanakwane.
5. Okweza ndi anu, otsitsa ndi anga.
6. Ine ndilipira K410,000 pa ulendo uliwonse, foromani wanga akawerenga. Osweka pofika sawerengedwa, inu mudzabwezeretsa.
Ngati zili bwino ndiyankheni kuti mwavomera. Ngati pali polakwika ndiuzeni lero, ndisanatumize ndalama."

Onani kuti mulibe mawu akuti "zidzabweretsedwa" kapena "tidzaona za otsitsa". Mawu otere amabisa mwini ntchito. Pafupifupi mzere uliwonse ukuyamba ndi "inu" kapena "ine". Onaninso kuti masamu achitidwa poyera: K700,000 kuphatikiza K410,000 kawiri ikukwana K1,520,000. Anthu ambiri amalemba mtengo wa chimodzi n'kusiya chiwerengero chonse, kenaka tsiku lomaliza wina amati yatsala K820,000, wina akuti K700,000, chifukwa mmodzi anawerengera lole, wina sanawerengere.

Manambala a mizere ali ndi ntchito. Winayo akhoza kungoyankha kuti "nambala 5 ayi" osalemba zambiri, zomwe zimathandiza munthu amene ali kalikiliki pa ntchito ndipo manja ali ndi simenti.

Bwanji osangolemba kuti "Lachisanu likubwerali" monga tinanenera pa foni?

Chifukwa mawu a nthawi amene timalankhula amadalira tsiku limene anenedwa. Mukanena Lachinayi kuti "Lachisanu likubwerali", wina amamva mawa, wina amamva la sabata inayo. "Sabata ya mawa" ili ndi masiku asanu ndi awiri. "Kumapeto kwa mwezi" kwa munthu wa pa ntchito ndi tsiku limene malipiro alowa, pamene kwa wogulitsa ndi pa 30 kapena pa 31. "Mawa" lolembedwa usiku n'kuwerengedwa m'mawa lasuntha kale ndi tsiku limodzi.

Lembani dzina la tsiku pamodzi ndi deti: Lachisanu pa 22 Ogasiti. Ziwirizi zimalonderana. Mukalakwitsa n'kulemba Lachisanu pa 21, winayo aona kuti sizikugwirizana ndi kalendala ndipo afunsa. Mwezi ulembeni m'mawu, osati 5/8, popeza mafoni ndi makompyuta ena amayamba ndi mwezi, ndipo 5/8 amaiwerenga ngati pa 8 Meyi.

Ola nalonso lilembedwe ngati pali anthu odikira. Aganyu otsitsa amene mwawaitana m'mawa, lole n'kufika dzuwa litapendeka, adzafuna yawo ya tsiku lonse. Ndipo siyanitsani tsiku lonyamuka ndi tsiku lofika. Kwa katundu wochokera ku Chinamwali ndi tsiku limodzi, koma katundu wochokera ku Lilongwe kapena wodikira kuti lole idzaze, "titumiza Lolemba" sizitanthauza kuti mulandira Lolemba.

Ndi zinthu ziti zimene anthu amaiwala kulemba, n'kudzakangana nazo?

Si mtengo. Mtengo aliyense amakumbukira kuulemba. Zoiwalika ndi tinthu ta m'mbali timene aliyense amayesa kuti n'todziwikiratu.

Choyamba ndi muyeso. "Tiripi ya mchenga" ilibe tanthauzo mpaka mutatchula kukula kwa lole, chifukwa ya matani 3 ndi ya matani 7 zonse ndi tiripi. Ndipo mchenga wa kumtsinje womangira si umodzi ndi wosalala wopakira pulasitala. Malata amafunika geji, kutalika kwake m'mafiti kapena m'mamita, ndi mtundu wake. Kumbukirani kuti nambala ya geji ikamakwera lata limapyapyala, choncho geji 32 ndi yopyapyala kuposa geji 28. Thumba la mpunga lembani kuti ndi la makilogalamu 50 poyeza pa sikelo, wopuntha kapena wosapuntha. Mabuloko tchulani kukula kwake.

Chachiwiri ndi ndalama zing'onozing'ono: ya lole, ya okweza, ya otsitsa, ndi yotapira. Mukatumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, wolandira amadulidwa potapa kwa ejenti. Ngati simunanene kuti yotapira ndi ya ndani, iye adzati mwatumiza yoperewera. Pochita malonda ndi kampani, funsani ngati mtengo umene wakuuzani uli kale ndi msonkho wa VAT, ndipo yankho lilowe mu uthengamo.

Chachitatu ndi malo. "Ku Matawale" n'kwakukulu. Tchulani chizindikiro chodziwika chapafupi, nambala ya foni ya amene adzalandire, ndipo ngati msewu wolowera pa puloti ndi woipa nenani. Dalaivala akakana kulowa n'kutsitsira pa msewu waukulu, kututa mabuloko 500 pa wilibala ndi ntchito ina yofuna ndalama ina.

Chomaliza ndi wowerenga ndi kuvomereza katundu. Mu uthenga uja ndi foromani. Popanda mzere umenewo, mwana kapena mlonda amene wapezeka pa puloti ndiye amalandira, ndipo za osweka zimadzatuluka lole itapita.

Kodi sizioneka ngati sindikuwakhulupirira, makamaka ngati ndi akuluakulu kapena achibale?

Zimatengera chiganizo choyamba. Mukayamba ndi "monga munalonjeza", mwamuika munthu pa mlandu. Mukayamba ndi "ndalemba kuti ndione ngati ndamva bwino" kapena "ndalemba kuopa kuiwala", cholemetsa mwachisenza nokha, ndipo munthu wamkulu amasangalala kukukonzani. Kwa abwana mungati, "Bwana, ndati ndilembe zimene mwandiuza kuti ndisaphonye." Kwa amalume, "Amalume, ndalemba kuti ndikawafotokozere bwino amayi." Moni ndi ulemu zikhalepo monga mwa nthawi zonse, chimene sichiyenera kufewetsedwa ndi manambala ndi masiku.

Yambani ndi udindo wanu kapena usakanizeni ndi wa winayo. Uthenga umene mizere yake yonse ikuti "inu mudzachita" umamveka ngati kulamula. Uja wa mayi uli ndi "ine nditumiza", "ine ndilipira", "otsitsa ndi anga", motero bamboyo akuona kuti pepalalo likumuteteza iyenso.

Tinene mosabisa: amisiri ndi amalonda okhazikika sakhumudwa ndi uthenga wotere, ambiri amaukonda chifukwa nawonso amavutika ndi makasitomala osintha mawu. Munthu amene wakwiya chifukwa mwalemba mtengo umene wanena yekha, dipoziti yanu iyambe yadikira.

Ndatumiza koma sanayankhe. Kukhala chete si kuvomera?

Ayi, musadalire zimenezo. Uthenga wopanda yankho umangosonyeza zimene inu munamva, osati zimene iye anavomera. Tizizindikiro tiwiri tochonga pa WhatsApp timatanthauza kuti uthenga wafika pa foni yake. Tikasanduka ta buluu ndiye kuti watsegulidwa, koma wotsegulayo akhoza kukhala mwana amene amaseweretsa foni, ndipo ena anazimitsa chizindikiro cha buluucho moti simungadziwe n'komwe. Ena amakhala masiku awiri alibe bandulo.

Chochita n'chapafupi. Dikirani mpaka madzulo kapena m'mawa mwake, kenaka imbani: "Mwauona uthenga uja? Tandiyankhani pomwepo kuti mwavomera." Ngati alibe bandulo, tumizani mfundo zikuluzikulu pa SMS. Ndipo mangirirani yankho ku chinthu chimene iye akuchifuna. Mayi uja analemba kuti "ndisanatumize ndalama". Yankho la munthu amene akudikira dipoziti silichedwa.

Ena amalemba kuti, "Mukapanda kuyankha pofika mawa nditenga kuti mwavomera." Mawuwa amathandiza pakati pa anthu a mu ofesi imodzi pa nkhani zazing'ono, monga tsiku la msonkhano. Pa nkhani ya ndalama ndi ofooka, chifukwa munthu simungamukakamize pangano pongoti sanakane. Komabe ngati sanayankhe koma walandira dipoziti ndipo wabweretsa ulendo woyamba pa tsiku limene munalemba, zochita zakezo zikuchitira umboni uthenga wanu.

Wayankha kuti "ok" kapena watumiza chala chakumwamba. Zakwana?

Kuposa kukhala chete, inde. Koma "ok" amatha kutanthauza "ndaona" basi. Vuto limakula ngati pakati panu padutsa mauthenga angapo, chifukwa sizidziwika kuti "ok" akuyankha uti. Pa ndalama zochepa musavutike nazo. Pa ndalama ngati za mabulokozi, pemphani mawu amodzi omveka: "Ndavomera." Ndi bwinonso kuti ayankhe pogwira uthenga weniweniwo, kuti yankho lake lioneke litalumikizidwa nawo.

Chala chimene munthu amachimata pa uthenga ngati chizindikiro akhoza kuchichotsa nthawi ina iliyonse, choncho musachiwerengere ngati siginecha.

Wayankha koma akuti si mmene tinanenera. Nditani?

Uthenga wagwira ntchito yake. Musayambe kulimbana kuti ananena chiyani ndani, chifukwa palibe amene angapambane. Imbani foni, kambiranani mfundo imene yavutayo, ndipo mukamvana lembaninso uthenga wonse kuyambira pamwamba, osati kachidutswa kokha.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Uthenga woyamba wa mayi uja unati K1,400,000 kuphatikizapo thiransipoti. Bamboyo anayankha kuti lole ndi K70,000 ulendo umodzi. Anaimbirana n'kumvana K60,000. Mayiyo akanangosiya pomwepo, zolembedwa zikanakhala ndi manambala awiri, ndipo onse olakwika: wake wopanda lole ndi wa bamboyo wa K70,000. Wolondola ukanakhala pakamwa pokha. N'chifukwa chake analemba uthenga wathunthu uja, ndipo pamwamba pake ndi bwino kuwonjezera kuti, "Uwu ukulowa m'malo mwa uja woyamba."

Musakonze pogwiritsa ntchito Edit. WhatsApp imalola kusintha uthenga m'mphindi 15 zokha chiutumizireni, ndipo uthenga wosinthidwa umaoneka kuti wasinthidwa koma osasonyeza zimene zinalipo kale. Winayo akhoza kudzanena kuti anavomera zina, inu n'kusintha pambuyo. Uthenga watsopano ndi woyera.

Nanga zinthu zikasintha pakati pa ntchito, monga mvula kapena kukwera kwa mtengo wa simenti?

Kusintha kulikonse ndi pangano latsopano ndipo kumafuna uthenga wake. Tiyerekeze kuti pa 20 Ogasiti bamboyo waimba kuti lole yawonongeka, ulendo woyamba ufika Lolemba pa 25. Mayiyo akavomera, alembe mizere iwiri: "Tamvana kuti ulendo woyamba wasuntha kuchoka pa 22 kufika Lolemba pa 25 Ogasiti. Zina zonse zili chimodzimodzi, ulendo wachiwiri ukadali pa 29." Chiganizo chachiwiricho n'chofunika, chifukwa popanda icho bamboyo akhoza kuganiza kuti masiku onse asuntha.

Zina mukhoza kuziona zikubwera, ndiye zilembeni poyamba. Ngati ntchito itenga milungu ingapo, nenani ngati mtengo wamangidwa kapena ungasinthe simenti ikakwera. Njira yodziwika ndi yoti dipoziti imamanga mtengo, popeza ndi imene woumba amagulira simenti, koma zimenezi zilembedwe, zisangoganiziridwa. M'nyengo ya dzinja, misewu ya fumbi yopita kumadera monga ku Kachulu kapena ku Chingale imavuta mvula ikagwa yambiri, choncho lembani chimene chidzachitike lole ikalephera kudutsa: ndani adzaimbira mnzake, pofika nthawi yanji, ndipo tsiku lina ndi liti. Chimodzimodzi ntchito yodalira magetsi, monga yowotcherera mawindo ndi mageti.

Lembaninso za dipoziti ngati katundu sabwera n'komwe: ibwezedwa yonse, pofika liti. Ndi mzere wovuta kuulemba chifukwa umamveka ngati kulosera zoipa, koma ndi umene umasowa kwambiri zinthu zikafika poipa.

Amene ndalankhula naye ndi wantchito chabe, si mwini wake. Uthenga upite kwa ndani?

Kwa onse awiri ngati n'kotheka. Mnyamata wa pa malo oumbira akhoza kukulonjezani mtengo wotsika kapena tsiku lapafupi pofuna kuti musapite kwina, mwini wake osadziwa. Funsani pa foni pomwepo kuti, "Mtengo umenewu abwana akuudziwa?" ndipo pemphani nambala yawo. Mu uthenga tchulani amene munalankhula naye ndi udindo wake.

Samalani kwambiri ndi nambala yolandirira ndalama. Ilembedwe mu uthenga pamodzi ndi dzina limene lidzaoneke potumiza, ndipo mwini bizinesi aivomereze. Mukalandira uthenga wochokera pa nambala yachilendo wonena kuti "tumizani pa nambala iyi, ija yavuta", musatumize musanaimbe pa nambala yakale ija. Akuba a pa foni amadyera pomwepa.

Mu ofesi nkhani ndi yomweyo koma njira ndi imelo. Mutu wa imelo unene nkhani ndi deti la kukambirana, ndipo amene ali ndi mphamvu yovomereza ndalama alandire nawo. Dziwaninso kuti m'maofesi a boma ndi m'mabungwe ambiri, mawu a pa foni a ofisala sakwanira kuti mupereke katundu. Malipiro amatsata chikalata choodera katundu chosainidwa. Imelo yanu ikhoza kunena kuti mudzayamba ntchito mukalandira chikalatacho, koma singalowe m'malo mwake.

Winayo sadziwa kuwerenga bwino, kapena ali ndi foni ya mabatani. Ndichite bwanji?

Pa foni ya mabatani gwiritsani ntchito SMS. Imodzi imatenga zilembo 160, ndipo wautali umagawika, nthawi zina zidutswa n'kufika mosokonezeka. Choncho fupikitsani: katundu, chiwerengero, ndalama yonse, tsiku, malo. Ngati mfundo ndi zambiri, tumizani awiri kapena atatu, uliwonse womveka pawokha.

Kwa amene kuwerenga kumamuvuta, lembanibe uthengawo, kenaka uwerengeni mokweza mu uthenga wa mawu, iye ayankhenso ndi mawu ake kuti wavomera. Mawu okha opanda zolemba ndi ovuta kufufuza pakapita miyezi, ndiye ziwirizi ziyendere limodzi. Njira ina ndi ya kale ija: kulemba m'kope, kuwerengera pamaso pa mboni imene onse awiri mukuikhulupirira, aliyense n'kusaina kapena kudinda chala, kenaka kujambula tsambalo kuti aliyense akhale nalo. Lembani m'chiyankhulo chimene munalankhula. Ngati munakambirana m'Chichewa kapena m'Chiyawo, uthenga wa Chingerezi chapamwamba ungavomeredwe ndi munthu amene sanaumve, ndipo kusamvana kuja kukhalapobe.

Bwanji osangojambula mawu a foni yonse?

Kujambula kumasunga zonse, kuphatikizapo kusamvana komwe. Mukamvetsera foni ya mayi uja mudzamva "tibweretsa, musadandaule", ndipo simudzadziwabe kuti ya lole ndi ya ndani. Uthenga wolemba umakakamiza kuti mawu osamveka amasuliridwe lero. Komanso kujambula munthu mobisa kumawononga ubale akadzazindikira. Ngati mukufuna kujambula, muuzeni poyamba, ndipo mulembebe.

Zikafika ku khoti, uthenga wa pa foni umawerengedwa?

Pangano la pakamwa pa malonda wamba ndi pangano ndithu. Chovuta chake ndi umboni. Malawi ali ndi lamulo la 2016 lokhudza zochitika za pa makina a kompyuta ndi intaneti, limene limazindikira mauthenga otumizidwa pa makina ngati zinthu zoti zikhoza kuperekedwa mu umboni. Kulemera kwake amakuyeza ndi woweruza, ndipo amayang'ana ngati zikudziwika kuti uthengawo unachokera kwa ndani, unatumizidwa liti, ndiponso kuti sunasinthidwe. Uthenga wokhala ndi yankho lomveka, pamodzi ndi umboni wa ndalama imene inatumizidwa, ndi wamphamvu kuposa chithunzi chimodzi cha sikirini choduladula.

Pali nkhani zina zimene uthenga wa pa foni uyenera kukhala poyambira chabe. Kugula malo kapena nyumba kumafuna zikalata zake ndi kutsata maofesi oyenera, ndipo pa malo a makolo pamafunikanso amfumu ndi abanja. Polemba munthu ntchito yokhazikika, lamulo la zolembana ntchito la 2000 limafuna kuti wolemba ntchito apereke mfundo za ntchitoyo molemba. Ngongole yaikulu nayo imafuna pepala losainidwa ndi mboni. Pa zoterezi uthenga wanu unene zimene mwamvana ndi tsiku limene mudzasainirane, ndipo ngati ndalama ndi yambiri onanani ndi loya musanalipire.

Ndisunge bwanji kuti zisadzasowe?

Choyamba onani ngati Disappearing messages ndi yoyatsa pa macheza amenewo. Ikakhala yoyatsa, mauthenga amafufutika okha pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, ndipo pangano lanu limapita nawo. Kumbukiraninso kuti wotumiza akhoza kuchotsa yankho lake ndi Delete for everyone kwa masiku pafupifupi awiri. Choncho yankho likangofika, jambulani sikirini moti pazioneka nambala kapena dzina, deti, uthenga wanu ndi yankho lake. Ngati nkhani ndi yaitali, Export chat imakupatsani macheza onse m'fayilo imodzi imene mungadzitumizire pa imelo.

Foni imabedwa, imagwera m'madzi. Zithunzizo zitumizeni kwa munthu wina wa pakhomo kapena pa imelo yanu, ndipo uthenga wotsimikiza kuti ndalama yapita, umene uli ndi nambala ya malipirowo, usungidwe pamodzi nazo. Womangitsa nyumba achita bwino kukhala ndi kope limodzi lolembamo pangano lililonse ndi deti lake, chifukwa pofika pa denga amakhala atapangana ndi anthu oposa khumi.

Katundu wafika, ndalama ndalipira. Palinso cholemba?

Palipo, ndipo n'chachifupi. Pa ulendo uliwonse lembani zimene zalandiridwa ndi zimene zatsala. Pa 25 Ogasiti mayi uja angalembe kuti: "Talandira mabuloko 500, mwa iwo 12 ndi osweka. Ndatumiza K410,000. Pa 29 mubweretsa 512, ndipo ine ndatsala ndi K410,000 yoti ndilipire." Chithunzi cha oswekawo chipite limodzi ndi uthengawo lole isanachoke, dalaivala akuona. Ulendo womaliza ukafika ndipo foromani wawerenga, uthenga wotseka unene kuti mabuloko onse 1,000 akwana, K1,520,000 yonse yalipidwa, palibe chotsala mbali zonse ziwiri, ndipo bamboyo ayankhe kuti walandira.